Pampu ikamalira ngati yameza timiyala: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene alimi a mthirira a kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota amandifunsa kawirikawiri, makamaka kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, madzi akatsika mu Linthipe, mu Lingadzi ndi mu Bua. Ndikunena za mapampu a impela, a injini ya petulo, ya dizilo kapena a magetsi, amene amakhala pamtunda n'kumakoka madzi pansi.

Pampu yanga ikuchita phokoso ngati muli timiyala, koma nditatsegula sindinapezemo kanthu. N'chiyani chikulira?

Chikulira ndi madzi omwewo. Pakamwa pa impela, pamene madzi amalowera, presha imatsika kwambiri moti madzi amayamba kuwira ngakhale ali ozizira. Pamabadwa timathovu tambirimbiri ta nthunzi. Impela imatenga timathovu timeneti n'kutikankhira chakunja kwa mapiko ake, kumene presha yakwera, ndipo kumeneko timaphwanyika mwadzidzidzi. Kathovu kalikonse kakamaphwanyika kamamenya chitsulo kamodzi, ndipo pamaphwanyika tambirimbiri pa sekondi iliyonse, mosatsata ndondomeko. N'chifukwa chake khutu limamva gobede-gobede ngati nsangalabwi zikugubuduzika m'kati. Amisiri amati pampu yachita kavitesheni.

Mukazimitsa injini, nthunzi ija imabwerera kukhala madzi. Ndiye mukatsegula simupezamo mwala, koma pakapita miyezi mumapeza mabala pa impela.

Madzi ozizira a mumtsinje angawire bwanji popanda moto?

Madzi sawira pa madigiri 100 paliponse. Amawira pa 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene mpweya wa mlengalenga umawapanikiza kwambiri. Kuno m'mbali mwa nyanja ya Malawi, imene ili pamtunda wa mamita pafupifupi 475, amawira cha pa 98. Pamwamba pa Sapitwa ku Mulanje, pa mamita 3,002, amawira cha pa 90. Presha ikamachepa, kutentha kofunika kuti madzi awire kumachepanso. Mukapitiriza kuichepetsa mpaka itatsala pang'ono kutheratu, madzi a madigiri 30 amawira bwinobwino. Pampu imene ikuvutika kukoka imapanga malo oterewa pakamwa pake.

Kathovu kakang'ono chotero kangaboole bwanji chitsulo?

Apa ndi pamene ambiri amakayikira, ndipo m'pomveka. Thovu la mpweya wamba, longa limene limatuluka mu Fanta, silingachite zimenezi, chifukwa mukalipanikiza mpweya wa m'katimo umakana n'kukhala ngati khushoni. Thovu la nthunzi ndi lina. M'kati mwake mulibe chogwirira. Pa madigiri 30, nthunzi imatenga malo ochuluka kupitirira ka 30,000 kuposa madzi amene inachokera, ndiye ikasanduka madzi malo onsewo amatsala opanda kanthu, ndipo madzi ozungulira amathamangira pakati kuchokera mbali zonse pa kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Kathovu kakaphwanyikira pakati pa madzi, kutali ndi chitsulo, kamangochita phokoso. Choopsa ndi kamene kali pafupi ndi phiko la impela. Mbali ya kuchitsulo madzi sangalowe msanga, ndiye kathovu kamaphwanyika mopendekeka: mbali ya kumadzi imabooka n'kulowa m'kati, n'kutulutsa kamuvi ka madzi kowonda ngati singano kolunjika pachitsulo, kothamanga mamita 100 kapena kupitirira pa sekondi. Presha ya pamalo omenyedwawo imafika kuchuluka ka masauzande kuposa ya mpweya umene tikupumawu, kungoti malowo ndi ochepa kwambiri.

Kumenya kumodzi sikuoneka. Koma malo omwewo akamenyedwa ka mamiliyoni, chitsulo chimatopa. Chimayamba kuchita khakhalakhakhala, kenako timing'alu tosaoneka ndi maso, kenako tizidutswa timathothoka. Dzenje likangoyamba, madzi amazungulira m'menemo n'kubala timathovu tina, ndiye kudyeka kumafulumira. Komanso kumenyako kumasenda kakhungu kamene kamateteza chitsulo ku dzimbiri, ndiye dzimbiri ndi kavitesheni zimathandizana. Vutoli linavutitsa kale opanga sitima zapamadzi ku Britain m'ma 1890, pamene mapulopela a sitima zothamanga ankalephera kukankha madzi, ndipo mu 1917 Lord Rayleigh analemba masamu a mmene thovu lotere limaphwanyikira. Asodzi a maboti a injini nawonso amaona mabala omwewa pa pulopela.

Pampu ndi yamphamvu, mahatchi ake ndi ambiri. Ikulepherabe bwanji kukoka?

Pampu sikoka madzi monga timaganizira. Imangochepetsa presha m'payipi yokokera, ndipo mpweya wa mlengalenga, umene ukupanikiza pamwamba pa mtsinje, ndi umene umakankha madzi kukwera m'payipimo. Mpweyawo uli ndi malire ake. Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota ungakweze madzi mamita 9.8 basi. Ku Lilongwe ndi mamita 9.1, ku Dedza 8.5, chifukwa ndi kumtunda. Muike injini ya mahatchi 5 kapena 50, malirewa sasuntha.

Pa mamita 9.8 amenewa pali zinthu zitatu zimene zimadyapo madzi asanafike pa impela. Choyamba ndi msinkhu wochokera pamwamba pa madzi kufika pakati pa pampu, woyezedwa choimirira, osati motsata payipi. Chachiwiri ndi mphamvu imene imatayika madzi akamadutsa pa sefa, pa futi valuvu ya kunsi kwa payipi, m'makona ndi m'payipi monse. Chachitatu ndi presha ya nthunzi ya madziwo, imene imakula ndi kutentha. Chotsala ndi chimene mabuku a mapampu amachilemba kuti NPSHa:

```
NPSHa = Hatm - Hs - Hf - Hv
```

Hatm ndi mamita 9.8 aja, Hs ndi msinkhu, Hf ndi zotayika m'payipi, Hv ndi presha ya nthunzi. Pampu iliyonse ili ndi mlingo umene imafuna kuti utsale, wolembedwa kuti NPSHr pa pepala la opanga. Chotsala chikachepera chimene pampu ikufuna, phokoso layamba.

Pampu yomweyi inkagwira bwino mu Juni. Sitinasinthe kanthu, koma mu Okutobala yayamba kulira. Zatheka bwanji?

Inu simunasinthe kanthu, koma mtsinje wasintha. Titenge kalabu ya alimi a tomato ndi chimanga chachiwisi m'mbali mwa Bua, yokhala ndi pampu ya mainchesi 3 yotulutsa malita 500 pa mphindi, payipi yokokera ya mamita 10. Tinene kuti pa malita amenewa pampuyo imafuna NPSHr ya mamita 3.5.

Mu Juni madzi ali pafupi, mamita 3 pansi pa pampu. Payipi ndi futi valuvu zikudya mita imodzi. Madzi ndi ozizira, cha m'ma 22, ndiye nthunzi ikudya 0.3.

```
9.8 - 3.0 - 1.0 - 0.3 = 5.5
```

Kwatsala 5.5, pampu ikufuna 3.5. Imalira mosalala, madzi akutuluka odzaza payipi.

Pofika Okutobala mtsinje watsika ndi mamita 2, koma pampu idakali pa gombe pomwe paja chifukwa ndi pamene pali pouma ndi pamthunzi. Msinkhu tsopano ndi mamita 5. Madzi aphwa, sefa yakhala pafupi ndi matope, ndipo ndere ndi masamba a bango zatseka theka la mabowo ake, ndiye zotayika zakwera kufika mamita 2. Madzi afunda kufika 30, nthunzi ikudya 0.4.

```
9.8 - 5.0 - 2.0 - 0.4 = 2.4
```

Kwatsala 2.4, pampu ikufunabe 3.5. Apa ndi pamene tcheyamani amaimba foni kuti, "Amisiri, tabwerani, pampu yameza miyala."

Taonani chimene chadya kwambiri. Anthu amathamangira kunena kutentha, chifukwa phokoso limabwera nthawi ya dzuwa, koma kutentha kwangochotsapo 0.1. Msinkhu wachotsa 2, sefa yachotsa 1. Alimiwo akakumba pogona pampu m'mbali mwa gombe n'kuitsitsa mita imodzi ndi theka, n'kutsuka sefa, masamu amakhala otere:

```
9.8 - 3.5 - 1.0 - 0.4 = 4.9
```

Phokoso limatha osagula chitsulo chilichonse. Ndi ntchito ya makasu awiri ndi m'mawa umodzi.

Pa bokosi la pampu analemba kuti imakoka mamita 8. Nanga bwanji yanga ikulira pa mamita 5?

Mamita 8 amenewo ndi oona, koma amatanthauza msinkhu umene pampu ingathe kukweza madzi mpaka kufika pakamwa pake, pamene ikutulutsa madzi ochepa zedi. Madzi akamachuluka, zotayika m'payipi zimakwera, NPSHr imakweranso. Kwa pampu yothirira imene mukufuna ikupatseni madzi odzaza tsiku lonse, ine ndimalangiza kuti msinkhu usapitirire mamita 4 kapena 5, ndipo pochepera apo m'pabwino kwambiri.

Dziwaninso kuti NPSHr imene opanga amalemba si malo amene timathovu timayambira. Ndi pamene timathovu tachuluka kale mpaka mphamvu yokankha ya pampu yatsika ndi 3 peresenti. Impela ikhoza kumadyeka pang'onopang'ono musanafike pamenepo. Choncho musakhutire kuti manambala awiriwo afanana. Siyani mpata wa mita imodzi.

Payipi ya mainchesi 3 ndi yodula. Ndingaike ya mainchesi 2 ndi cholumikizira?

Ku mbali yotulukira mungatero, mudzangopeza madzi ochepa. Ku mbali yokokera, chonde musatero. Izi zimandiwawa kuziona, chifukwa munthu amapulumutsa ndalama za payipi n'kudzalipira za impela, silu ndi mbewu zofota.

Malita 500 pa mphindi m'payipi ya mainchesi 3 amayenda liwiro la mamita 1.9 pa sekondi. Malita omwewo m'payipi ya mainchesi 2 ayenera kuthamanga mamita 4.2 pa sekondi. Zotayika sizikwera kawiri kokha. M'payipi yeniyeniyo zimakwera kupitirira kasanu ndi kawiri. Mita imodzi ija ya mu Juni, ya payipi ndi futi valuvu pamodzi, imasanduka mamita 6 ndi kanthu. Chotsani 3 wa msinkhu ndi 6 wa payipi pa 9.8, muona kuti chotsala sichikukwana n'komwe mita imodzi. Pampu singafike n'komwe pa malita 500, imangolira n'kumatulutsa madzi modukizadukiza.

Payipi yokokera ikhale yofanana ndi pakamwa pa pampu kapena yokulirapo, yaifupi, yopanda makona ambiri, ndipo ikhale ya mtundu wolimba uja wa nthiti. Payipi yofewa yabuluu, imene timaipinda ngati lamba, ndi ya kotulukira basi, kokokera imaphwatalala. Ngakhale ya nthiti ikakalamba padzuwa, khungu lake la m'kati limatha kumatuka n'kutseka njira pamene kunja ikuoneka yabwino. Iyang'aneni m'kati ndi tochi.

Ndingadziwe bwanji kuti ndi kavitesheni, osati mpweya wolowa, mchenga kapena beringi?

Yambani ndi kuyesa kosavuta. Pampu ikulira, tsekani pang'onopang'ono valuvu ya kotulukira, kapena pondani pang'ono payipi yofewa ija kuti madzi achepe. Phokoso la timiyala likachepa kapena kutha, ndi kavitesheni, chifukwa madzi akachepa zotayika zimatsika ndipo pampu imafuna NPSH yochepa. Kuchepetsa moto wa injini kumachita chimodzimodzi. Musatseke konse kwa nthawi yaitali, madzi a m'pampu amatentha.

Mpweya wolowera pa kilampu yomasuka kapena pa raba yong'ambika umachitanso phokoso, koma losakhwima chotero, ndipo umadzionetsa wokha. Ikani kumapeto kwa payipi yotulukira m'ndowa ya madzi. Mpweya umatuluka n'kumabwata m'ndowamo, ndipo madzi amalavula. Timathovu ta nthunzi sitifika kumeneko, timathera m'pampu. Kuti mupeze polowera mpweya, pakani girisi kapena thirani madzi pa cholumikizira chilichonse cha kokokera n'kumvetsera pamene kulira kwasintha. Onaninso pamwamba pa madzi pamene pali sefa: pakakhala kamzungulire kolowa pansi, sefa yayandama kwambiri ndipo ikumeza mpweya.

Beringi yakutha imalira mosalekeza, mawu amodzimodzi, kaya mwachepetsa madzi kaya ayi, ndipo pamalo pake pamatentha. Gwiritsani sikuludalaiva yaitali, nsonga pa pampu, chogwirira pa khutu. Kavitesheni imamveka kwambiri pafupi ndi polowera madzi, beringi imamveka chakumbuyo, ku shafiti.

Amene ali ndi geji yoyezera kukoka, aiike pafupi ndi pakamwa pa pampu. Ikaonetsa kukoka kwa mamita 7 pamene msinkhu weniweni ndi 4, mamita 3 enawo akutayikira pa sefa kapena m'payipi.

Ndatsegula pampu. Mabala a kavitesheni amaoneka bwanji?

Tsukani impela bwino, muiyang'ane padzuwa, muipapase ndi chala. Kavitesheni imasiya malo okhakhala, timaenje takuthwa tothinana ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe, ndipo imadya malo amodzi pa phiko lililonse, pafupi ndi pakamwa, kuseri pang'ono kwa mlomo wa phiko. Mbali zina za impela zimakhala bwinobwino. Zikafika poipa, phiko limabooka kapena mlomo wake umatha.

Mchenga umadya mosiyana. Umasalaza, umapukuta chitsulo mpaka kuwala, n'kusiya tinjira totsata kumene madzi amayenda, ndipo umadya kwambiri chakunja kwa mapiko ndi m'chikombole cha pampu. Kuno kunyanja, nthawi ya mwera mafunde akamavundula gombe, mumapeza zonse ziwiri pa impela imodzi. Dzimbiri lokha limagwira ponseponse mofanana.

Pali chinthu china chimene amisiri ambiri amachiphonya. Mabala akakhala ku mbali ya phiko imene mukuiona mukayang'ana pakamwa, vuto ndi la kokokera, limene takambirana. Akakhala ku mbali yobisika, imene muyenera kuiona ndi kagalasi, pampuyo yakhala ikugwira ndi madzi ochepa kwambiri kuposa amene anaipangira, ndipo madzi amabwerera n'kumazungulira pakamwa. Zimachitika pampu yaikulu ikamathirira kamunda kakang'ono ndi valuvu yotsekedwa pafupifupi yonse. Pamenepo kutseka valuvu kumaonjezera phokoso m'malo molichepetsa, ndipo mankhwala ake ndi kutsegula njira ya madzi kapena kupeza pampu yocheperapo.

Kupatula impela, chinanso chimaonongeka n'chiyani?

Nthawi zambiri silu ndi beringi zimafa impela isanathe. Kugwedezeka kumadutsa mu shafiti, nkhope za silu zimagundana n'kusweka, madzi n'kuyamba kudontha pakati pa pampu ndi injini. Impela ikadyeka mbali imodzi kuposa inzake imazungulira mopendama, kugwedezeka kumakula. Pa mapampu ang'onoang'ono a petulo impela imakhala pa shafiti ya injini yeniyeniyo, ndiye nkhonyazo zimakafika mpaka ku maberingi a injini. Ndipo nthawi yonseyi mukuwotcha mafuta omwewo pa madzi ochepa.

Ndingoisiya kuti timalize sizoni?

Palibe amene angakuuzeni tsiku limene idzaime, chifukwa zimatengera kukula kwa vutolo ndi chitsulo chake. Phokoso lapansipansi impela ingalipirire zaka, lamphamvu lingaithe m'sizoni imodzi. Ngati simungasunthe pampu lero, chepetsani moto wa injini. NPSHr imatsika mofulumira kuposa liwiro: mukatsitsa kuchoka pa 3,600 kufika pa 3,000 pa mphindi, imatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Madzi achepa ndithu, koma pampu yolira pa moto wonse nayonso sinali kukupatsani madzi onse.

Chimene musachite ndi kutseka valuvu ya kokokera pofuna kuchepetsa madzi. Kutero ndi kuonjezera dala zotayika, ndipo phokoso limakula pompo.

Ndikagula impela yatsopano kapena kuwotcherera yakale, vuto litha?

Ayi. Impela siinayambitse vutoli, ndiye yatsopano idzadyeka malo omwewo. Konzani kaye kokokera. Zitsulo zimasiyana kupirira: chitsulo chothira m'chikombole, chimene chili m'mapampu ambiri otchipa, ndi aluminiyamu zimatha msanga, buronzi imapirira kwambiri, ndipo sitenilesi imaposa pamenepo. Koma chitsulo cholimba chimangochedwetsa mabala, kugwedezeka kumene kukupha silu kumakhalapobe.

Kuwotcherera impela yaing'ono sindikulimbikitsa. Chitsulo chothira chimang'aluka ndi moto, ndipo wowotcherera sangabwezere kulemera kofanana mbali zonse. Pa mapampu aakulu a m'masikimu ndi m'maesiteti amatha kudzaza maenje ndi phala la epokisi kapena kuwotcherera n'kubalansa pa makina, koma imeneyo ndi ntchito ya ku wekishopu yokhala ndi zida.

Nanga mapampu a sola omira m'chitsime, nawonso amachita zimenezi?

Si kawirikawiri, chifukwa amakhala pansi pa madzi, ndipo msinkhu uja m'malo mochotsera umaonjezera. Vuto lawo limabwera chitsime chikamaphwa mwachangu kuposa mmene chikudzadzira, madzi n'kutsika mpaka pafupi ndi polowera. Pamenepo pampu imayamba kumeza mpweya ndipo mota imasowa madzi oiziziritsa. Kansensa kozimitsa pampu madzi akatsika musakachotse ngakhale kakuzimitsirani masana. Mapampu a sola a pamtunda, okoka ndi payipi, amatsata masamu omwe aja, ndipo amalira kwambiri dzuwa lili paliwombo, mota ikamathamanga liwiro lonse.

Tikufuna kuika pampu yatsopano m'mbali mwa mtsinje. Tiyambire pati?

Yambani ndi kufunsa akuluakulu a pamudzipo pamene madzi amafika mu Novembala chaka cha chilala, n'kuyeza msinkhu kuchokera pamenepo, osati pamene ali lero. Ngati gombe ndi lalitali, konzani pogona pampu pawiri, pamwamba pa nthawi ya madzi ambiri ndi pansi pa chilimwe, kuti muzitsika nawo madzi. Payipi yotulukira ndi imene ingatalike, osati yokokera, pampu imakankha bwino kuposa kukoka.

Payipi yokokera ikwere mosalekeza kuchokera kumadzi kufika pa pampu, popanda linunda pakati pamene mpweya ungakhale. Sefa imire pafupifupi theka la mita pansi pa madzi koma isagone pamatope. Imangirireni pa chikhomo, kapena ikani m'dengu lalikulu lomizidwa ndi mwala kuti zinyalala ziime patali ndi mabowo ake. Pogula, pemphani wogulitsa pepala lokhala ndi mzere wa NPSHr n'kuwerenga nambala yake pa malita amene mudzagwiritse ntchito. Mapampu ambiri ang'onoang'ono amabwera opanda pepalalo. Zikatero, tengani mamita 4 ngati NPSHr, muonjezere mita imodzi ya mpata, ina ya zotayika m'payipi ndi 0.4 ya nthunzi. Zonse ndi 6.4, ndipo mukachotsa pa 9.8 mupeza kuti pampu isakhale kupitirira mamita 3.4 pamwamba pa madzi a mu Novembala.